Nkhope ya mnzanga pa matumba a mpunga

Lolemba

Kope ili ndinagulira ngongole za anthu otenga mpunga pa benchi langa, koma masamba akumapeto ndawapatula kuti ndizilembamo zimene ndikuphunzira pafoni. Ndikufuna kudziwa kupanga masitika a pa WhatsApp, aja okhala ndi nkhope za anthu amene timawadziwa.

Tili ndi gulupu ya anthu khumi ndi mmodzi amene tinaphunzira limodzi pulayimale kuno ku Nayuchi. Lero atatu ali ku Joni, mmodzi ku Cuamba, awiri ku Liwonde, mmodzi ku Balaka, ndipo anayi tidakali konkuno. Mugulupumo mawu ndi ochepa, masitika ndiye ambiri. Munthu akapempha ndalama, wina amangoponya nkhope ya mnzathu wa ku Cuamba atatong'ola maso, ndipo tonse timamva kuti yankho ndi lakuti ayi. Ine ndakhala ndikungotumiza opangidwa ndi ena, ndipo ndimafuna nane nditapangako anga.

Wa ku Balaka uja ndi msuweni wanga, amakonza mafoni pafupi ndi depoti. Ndamuimbira madzulo ano. Wandiuza kuti masitika analowa mu WhatsApp mu 2018, ndipo oyenda ngati kanema anabwera mu 2020. Akuti njira zilipo ziwiri. Ngati WhatsApp yanga ndi yatsopano, ndikhoza kutsegula pa masitika n'kudina Create, n'kusankha chithunzi. Ngati ndikufuna paketi yathunthu yokhala ndi dzina lake, ndiike apu ina monga Sticker.ly. Ndayang'ana mufoni yanga, Create sindinamuone. Msuweni akuti ndi chifukwa chakuti papita miyezi yambiri ndisanaikonzenso WhatsApp yangayo kuti ikhale ya masiku ano.

Ndayesa kutsitsa apuyo koma yangoima pa ziro. Ndinali ndi bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo bandulo imeneyo siitsegula Play Store. Mawa ndigula ya intaneti yonse.

Lachitatu

Apu yalowa dzulo usiku. Kuno kumalire foni nthawi zina imalumphira netiweki ya ku Mozambique ukayandikira mbali ya Entre Lagos, choncho ndinakakhala kuseri kwa siteshoni komwe ya kwathu imagwira bwino.

Sitika yanga yoyamba ndapanga ndi nkhope ya msuweni yemweyo, poti msuweni ndi munthu amene mwambo umandilola kumuseka. Ndinatenga chithunzi cha pa ukwati wa chaka chatha, chomwe tili anthu ambiri pamzere, n'kuchikoka ndi zala ziwiri mpaka nkhope yake inadzaza sikirini. Nditatumiza, nkhopeyo inatuluka ngati yojambulidwa m'madzi a matope, maso ndi mphuno zosasiyanitsika.

Iye sanaseke nkhopeyo, anandifunsa kumene ndinatenga chithunzicho. Nditamuuza kuti chinabwera pagulupu, anandifotokozera motere. Sitika iliyonse ndi bwalo la ngodya zinayi, timadontho 512 m'litali ndi 512 m'lifupi. Timadontho timeneti amatitcha mapikiselo. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa, mbali yake yaitali n'kutsala mapikiselo pafupifupi 1600. Pamzere wa anthu khumi ndi asanu, mutu wa munthu mmodzi umangotenga mapikiselo ngati 100. Ine ndinakoka 100 ameneyo kuti adzaze malo a 512, ndiye kuti kadontho kalikonse kanatambasuka kasanu mbali zonse. Foni singawonjezere zimene kamera sinagwire.

Ndalemba zimenezi kuti ndisaiwale: chithunzi chikhale chojambulidwa pafupi, mutu ndi mapewa zidzaze pakati. Ngati ndikupempha kwa munthu wakutali, anditumizire podina Document osati Gallery, chifukwa chotumizidwa ngati Document sichifinyidwa.

Lachisanu

Lero ndalimbana ndi kudula. Sitika yabwino ndi munthu yekha, kumbuyo kwake kopanda kanthu, kuti akaoneke ngati waima pa macheza penipeni. Apu ili ndi kodina kakuti idule yokha, ndipo ilinso ndi kodula ndi chala.

Ndinayamba ndi yodula yokha pa chithunzi cha mnzathu wa kabaza. Inamudula khutu limodzi ndi theka la chipewa. Nditachiyang'anitsitsa ndinaona chifukwa chake: anajambulidwa madzulo ataima kutsogolo kwa chitseko chakuda, ndiye foni sinathe kudziwa pamene khungu lathera ndi pamene chitseko chayambira. Chithunzi china chomwe anaima pa khoma la laimu masana, yodula yokhayo inagwira ntchito bwinobwino. Ndaphunzira kuti kuwala kuzimenya kumaso kwa munthu, ndipo kumbuyo kwake kukhale kowala kapena kwa mtundu wosiyana ndi khungu ndi malaya ake.

Pamene yalakwitsa ndimakonza ndi chala. Poyamba ndimathamanga, m'mphepete n'kumatuluka mano ngati a chikwakwa chobuntha. Kenako ndinazindikira kuti ndiyenera kukulitsa chithunzi kaye, kuchepetsa kukula kwa kofufutira, n'kumayenda pang'onopang'ono mozungulira khutu ndi tsitsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sitika imodzi yanditengera nthawi yofanana ndi imene sitima ziwiri za malasha zinadutsa kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala, ndipo pakati pake makasitomala atatu ndawapimira mpunga.

Chinanso chinandisokoneza. Nditamaliza kudula ndinajambula sikirini kuti ndisunge, ndipo nditatumiza chojambulacho chinapita ngati chithunzi wamba chokhala ndi bokosi kumbuyo. Msuweni akuti chojambula pa sikirini chimatenga zonse zimene maso akuona, sichidziwa malo opanda kanthu. Sitika imasungidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa WebP, womwe umakumbukira kuti apa n'poonekera. Choncho njira yake ndi kudina Add to WhatsApp mu apu momwemo. Nditadina inakana, chifukwa paketi imafuna masitika osachepera 3, ndipo siipitirira 30. Ndapanga ena awiri mofulumira, paketi n'kulowa. Pa dzina la wopanga ndalembapo dzina langa lenileni, ndipo mtima unakoma poliona.

Lamulungu

Msuweni wandibwezera masitika anga atatu ndi mawu akuti: "Msuweni, wa kabazayu kwanga sakuoneka, wasowa mumdima." Foni yake anaiika kuti macheza azikhala akuda kumbuyo, pamene yanga ndi yoyera. Mnzathuyo anavala malaya akuda, ndiye kwa iye ankangoona mano ndi maso. Mankhwala ake ndi kamzere koyera kozungulira munthu yense. Eni WhatsApp amalangiza kuti kakhale ka mapikiselo 8, ndi kusiya mpata wa mapikiselo 16 m'mphepete mwa bwalo kuti mutu usagunde kumalire. Mu apu sindiwerenga mapikiselo, ndimangokoka kachizindikiro mpaka mzere ukhale wonenepa ngati ulusi wosokera thumba. Ndayesa posintha foni yanga kukhala yakuda, kenako yoyera, ndipo konse akuoneka.

Za mawu ndaphunziranso. Pa sitika ina ndinalemba chiganizo chonse cha mawu asanu ndi anayi. Mu apu chimawerengeka, koma m'macheza sitika imachepa ngati bokosi la machesi, ndipo zilembo zinasanduka nyerere. Tsopano ndikulemba mawu awiri kapena atatu, akuluakulu, pansi pa chibwano osati pa nkhope. Mmodzi wa ku Joni anati foni yake imachedwa kutsegula masitika oyenda aja. Ndamva kuti sitika yoima siyenera kupitirira 100 KB pamene yoyenda imafika 500 KB, ndiye ine ndikhala kaye pa zoima, zomwe sizidya bandulo ya anzanga.

Usiku uno ndapanga imene ndikuiona kuti ndi yoposa zonse. Mwa anayi otsala kuno, mmodzi timamutcha achimwene ngakhale tinali kalasi imodzi, chifukwa ndi wamkulu kwa ife ndipo ndiye anayamba kukwatira. Mwezi wa June tinakagula limodzi mpunga kumadambo a ku Chiuta. Tinanyamula matumba usiku wonse kuti tipeze sitima ya anthu yopita ku Liwonde ndi ku Balaka, ndipo tinafika pasiteshoni kusanache. Achimwene anagona pamatumbapo chagada, pakamwa pali yasa, kapu itapendekeka. Sitima ya malasha itadutsa anadzidzimuka n'kufunsa kuti, "Yafika?" kenako n'kugonanso. Anachita zimenezi katatu. Ndinawajambula pafupi, nyali ya foni ikuwala kumaso. Nkhaniyi gulupu yonse ikuidziwa.

Ndadula matumba, ndadula njanji, ndadula nyali ya pasiteshoni, kwatsala nkhope yokha ndi kapu. Pansi ndalemba kuti YAFIKA? Nditaponya, mafoni analira mpaka pakati pa usiku. Achimwene nawo anaika nkhope yoseka. Sindinawafunse ndisanapange, koma poti aseka ndikuganiza kuti zili bwino.

Lachinayi

Sitika ya YAFIKA yagwira ntchito imene sindinaiganizire. Wina wa ku Liwonde akudikira malipiro, waponya YAFIKA. Mayi wa mmodzi wa ife akudikira ndalama kuchokera ku Joni, mwana wawo waponya YAFIKA. Wina anafunsa za mvula, yankho linali lomwelo. Ndaona kuti sitika ya nkhope ya mnzako imakoma chifukwa imanyamula zinthu ziwiri nthawi imodzi: funso la lero, ndi usiku uja wa pasiteshoni womwe tonse timaukumbukira. Munthu amene ali ku Joni zaka zinayi akaiona, amamva fungo la mpunga watsopano ndi kuzizira kwa June kuno pakati pa Chiuta ndi Chilwa.

Wa ku Cuamba anafunsa momwe angaisungire. Ndamuuza monyadira kuti angoidina n'kusankha Add to Favorites, basi yakhala yake, akhoza kuitumiza kulikonse. Ndalemba mawu amenewa pano chifukwa nditangowatumiza ndinaima kaye. Kulikonse ndi kutali.

Lachiwiri

Achimwene abwera pa benchi m'mawa, osakhala pansi. Anandionetsa foni ya akazi awo. Mu gulupu ya amayi a m'mudzi mwa apongozi awo muli sitika yanga, ndipo pansi pake wina walemba kuti uyu ndi mkamwini wa kwa uje, anapezeka ataledzera ku Entre Lagos.

Achimwene ndi Msilamu, mowa sanaulawepo. Amakhala chikamwini, pamudzi pa akazi awo, pomwe mwamuna amayenda mosamala ngati wasenza mazira. Apongozi awo aakazi aiona. Amalume a akazi awo aiona, ndipo atumiza mawu kuti akufuna kumva bwino.

"Aise," anatero, "mugulupu muja ndinaseka chifukwa munali inu nokha. Kodi amayi aja analipo pasiteshoni?"

Ndinalibe poyankha. Ndinayang'ana sitikayo ngati munthu amene sindikudziwa chilichonse, ndipo ndinaona zimene amayi aja anaona: mwamuna wagona chagada, maso otseka, pakamwa potsegula, kapu yopendekeka, kuwala kwa usiku. Matumba a mpunga amene akanauza aliyense kuti uyu ndi munthu wotopa ndi ntchito, ndinawafufuta ndi chala changa, mosamala, Lamulungu lija. Ndinkaganiza kuti ndikuchotsa zosafunika, koma ndinkachotsa umboni.

Tayesa kulondola njira yake. Mmodzi wa ife anaitumiza kwa mlongo wake, mlongoyo anaisunga n'kuiponya mugulupu ya banki m'khonde, kuchoka apo sitikudziwanso. Sitika ikatumizidwa kuchokera pa zosungidwa za munthu siionetsa chizindikiro cha Forwarded, imaoneka ngati yayambira kwa iyeyo. Koma ukaidina imaonetsa dzina la paketi ndi la wopanga. Dzina langa lili pomwepo, ndipo ndi mmene achimwene anadziwira kuti sanaijambule munthu wina kumbali.

Lachitatu

Usiku wonse ndimafuna njira yoibweza. Ndalemba apa zimene ndayesa kuti ndisadzanamize munthu wina kuti n'zotheka.

Ndinafuna kudina Delete for everyone pa uthenga wanga woyamba, koma mwayi umenewo umatha pakapita masiku ngati awiri, ndipo apa papita oposa sabata. Ngakhale ndikanafulumira, kufufutako kumachotsa uthenga umodziwo basi, sikulowa mu Favorites za anthu ena. Ndinafufuta paketi mu apu ndi mu WhatsApp yanga, ndipo yachoka kwa ine ndekha. Msuweni anandiuza kuti foni iliyonse imene inalandira ili ndi fayilo yakeyake, ndipo pa mafoni ambiri a Android a masiku ano imakhala apa:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media/WhatsApp Stickers
```

Anandikumbutsanso kuti ena amagwiritsa WhatsApp zosavomerezeka zija zimene zimasunga ngakhale uthenga wofufutidwa. Kenako anandifunsa ngati paketi yanga mu apu ndinaisiya poti aliyense aipeze pofufuza. Sindinayang'ane n'komwe poipanga. Ndaphunzira mochedwa kuti popanga paketi ya nkhope za anthu, malo amenewo ndi oyamba kuwatseka.

Ndalembera onse khumi kuwapempha kuti aichotse mu Favorites, ndipo ndawafotokozera kuti aidine ndi kuigwira mpaka patuluke pochotsera. Onse avomera. Koma kunja kwa ife khumi ndi mmodzi, madzi akatayika saoleka.

Msuweni ananenanso za lamulo la 2016 loona za zochitika pa intaneti, Electronic Transactions and Cyber Security Act, kuti kuzunza kapena kunyoza munthu kudzera pafoni ndi mlandu. Achimwene sanatchule za polisi, ndipo si zimene zandisowetsa tulo. Chandisowetsa tulo n'chakuti munthu amene ananyamula thumba langa pamene msana unandikana usiku uja, lero akuyenda wowerama pamudzi pa eni.

Ndaganiziranso za chisuweni. Kwathu kuno nthabwala ili ndi eni ake. Msuweni ndimamunena kuti mutu ngati dzungu pamaso pa anthu, iye n'kubweza, onse n'kuseka. Alamu timaseka nawo. Koma apongozi timawapatukira njira, ndipo palibe amene amanyamula nthabwala ya pa bwalo la anyamata n'kukaitula pakhonde pawo. Pakamwa pamadziwa malire amenewa, chifukwa munthu amayamba waona amene ali pafupi asanalankhule. Sitika ilibe maso oonera amene akuilandira. Ndinaphunzira za 512 ndi za kamzere koyera, koma ichi chimene ndakhala ndikuchidziwa kuyambira ndili mwana sindinachitengere pafoni.

Loweruka

Tapita kumudzi kwa apongozi a achimwene. Ndinapempha amalume anga kuti andiperekeze, poti nkhani yofika kwa akuluakulu mnyamata sapita nayo yekha. Tinakhala pamphasa, ife uku, amalume a mlamu wathu uko, amayi chapatali pang'ono. Amalume anga ndiwo anayamba, kenako anandipatsa mpata.

Mwamwayi chithunzi chenicheni sindinachifufute. Ndinachitsegula n'kupereka foni ndi manja awiri. M'menemo muli zonse: matumba asanu ndi limodzi osanjikizana, njanji kumbuyo, njinga yathu itatsamira, ndi tsiku ndi ola limene chinajambulidwa. Kenako ndinawaonetsa sitika, kuti aone kuti ndi nkhope yomweyo imene ndinaidula.

Bambowo anayang'ana nthawi yaitali, akubwerera ku chithunzi, akupita ku sitika. Anati, "Ndiye mpunga munauchotsa chifukwa chiyani, mwanangu?" Ndinayankha kuti, "Bambo, ndimafuna kuti chioneke bwino. Ndinalakwa, ndipo ndinalakwanso posawapempha eni nkhope." Anapereka foni kwa amayi kudzera mwa mwana. Amayi ataona anati iwo mpunga umenewo anaudya, ndipo akudziwa kuti unabwera m'bandakucha. Anapempha kuti mwana wawo atumize chithunzi chathunthucho ku gulupu ya amayi ija, ndipo chatumizidwa tili pomwepo.

Pobwerera achimwene anayenda nane mpaka pa njanji. Sanalankhule zambiri. Anangoti, "Ukanandifunsa ndikanakuuza kuti usachotse matumba."

Lolemba

Gulupu yagwirizana zinthu zitatu, ndipo tazilemba pamwamba pa gulupu pomwe aliyense amaona. Wopanga sitika ayambe waitumiza kwa mwini nkhope payekha, iye akavomera ndiye ilowe mugulupu. Munthu wogona, wodwala, wolira kapena amene ali pa mapemphero sajambulidwa kuti akhale sitika, ndiponso ana ndi akazi a eni ayi. Ndipo mwini nkhope akati yatopetsa, tonse tiichotse popanda kufunsa chifukwa. Tikudziwa kuti malamulowa satseka foni ya munthu. Choncho ndawonjezera langa langa, lomwe ndizidzifunsa ndisanadine Add to WhatsApp: nkhope iyi itafika kwa munthu amene sakudziwa nkhani yake, iye adzaona chiyani?

Ndayesa funsoli pa masitika anga ena. Ya wa kabaza akuloza kutsogolo ndi mawu akuti TIYENI yapambana, chifukwa mlendo angoona munthu wansangala. Ya wa ku Liwonde atagwira ndalama zambiri za kuntchito kwake ndaifufuta ndisanaitumize.

Lachisanu

Achimwene abwera okha pa benchi masana, atavala malaya oyera a ku Juma. Anati, "Jambula ina. Koma ndiime ndekha mmene ndikufunira." Tinapita pa khoma la laimu, dzuwa likuwamenya kumaso. Ananyamula thumba la mpunga paphewa, dzanja lina pamphumi ngati akuyang'ana sitima kutali, maso ali gwa. Podula ndinazungulira thumbalo mosamala ngati mmene ndimazungulirira khutu, ndipo ndinalisiya lonse. Kamzere koyera, mawu amodzi pansi: YAFIKA? Ndinawatumizira iwo kaye. Anaiyang'ana, n'kuiponya okha mugulupu.

Madzulo ano kasitomala wina wa ku Ntaja, yemwe sadziwa aliyense wa ife, amandifunsa pafoni ngati mpunga wake ndatumiza. Sanalembe mawu. Anaponya sitika yakale ija, ya achimwene ali mtulo. Ndamutumizira yatsopano, ndamuuza kuti munthuyu ndi mnzanga ndipo usiku umenewo anali atasenza matumba kuchokera ku Chiuta, ndamupempha kuti achotse yakaleyo. Wayankha kuti wachotsa. Sindikudziwa kuti yatsala m'mafoni angati, koma aliyense amene adzanditumizire ndidzamuuza za matumba aja.